Mafunso ndi mayankho: kuwerenga lipoti la pachaka la kampani ya ku UK kuti udziwe madayirekitala, masheya ndi adiresi yake

Nkhaniyi idayamba ndi alamu anga aku Leeds omwe adangotsala pang'ono kupereka £3,000 kwa bambo ena ake kuti alowe nawo mu kampani yotumiza madiramu ndi magalimoto kumudzi, ati akhala ndi 20 peresenti. Bambowo adabwera ndi pepala lopulinta, la boma ndithu, lolembedwa `Annual Return` pamwamba, ndiye alamu adanditumizira chithunzi kuti tandiwonereko ngati zili bwinobwino. Kuchokera nthawi imeneyo anthu akhala akundifunsa zofanana zomwezo, ena akufuna kubwereketsa ndalama, ena akufuna kulipira kontena, ena apatsidwa ntchito ndi kampani yomwe sakuyidziwa, nde ndangoti ndiyankhe pamodzi basi.

Kodi lipoti la pachakali ndi chani kwenikweni, si lomwe lija la maakaunti?

Ayi, ndipo apa ndi pomwe ambiri timayambira kusochera. Kampani ya ku UK imatumiza zinthu ziwiri zosiyana ku Companies House, ofesi ya boma yolembetsa makampani, chaka chilichonse. China ndi maakaunti, omwe amakamba za ndalama, katundu ndi ngongole. Chinacho ndi lipoti lomwe tikukamba panoli, lomwe silikamba phindu olo pang'ono, limangonena kuti pa tsiku lakutilakuti kampani yathu adiresi yake ndi iyi, oyendetsa ndi awa, masheya alipo angapo ndipo ali m'manja mwa awa. Lili ngati chithunzi cha pa ukwati, chimakuonetsa omwe adalipo tsiku limenelo, sichikuuza kuti pano banjalo likadalipo kapena lidatha.

Fomu yakaleyo nambala yake inali `AR01`. Kuyambira pa 30 Juni 2016 adayisiya, m'malo mwake mudabwera `Confirmation statement`, fomu `CS01`. Anthu, ngakhale maakauntanti achikulire, amangotchulabe dzina lakale lija, ndiye wina akakuuzani kuti ndikutumizirani lipoti la pachaka mufunse kuti ndi la chaka chiti. Munthu akakupatsani `AR01` ya kampani ya ku UK dziwani pompo kuti pepalalo ndi la 2016 kapena m'mbuyo mwake. Lomwe adapatsidwa alamu anga linali la Malichi 2016, iwo sadaone n'komwe deti, adangoona chidindo cha boma mtima m'malo.

Ndilipeza kuti, ndipo amalipiritsa?

Ndi zaulere, simufunika ngakhale kutsegula akaunti. Pitani pa tsamba la boma la Companies House, pamalo olembedwa `Find and update company information`, mulembe dzina la kampani kapena nambala yake. Nambala ndiye yabwino chifukwa mayina amafanana komanso kampani imatha kusintha dzina, pomwe nambala siisintha mpaka kampaniyo kufa. Imakhala ya manambala 8, kuwerengera ndi zilembo zoyambirira ngati zilipo, ndipo ikayamba ndi `SC` ndekuti idalembetsedwa ku Scotland, `NI` ndi Northern Ireland. Kampani yolongosoka nambalayi imayenera kuoneka pa makalata ake ndi pa webusayiti yake.

Mukatsegula muona `Overview`, `Filing history` ndi `People`. Malipoti onse ali mu `Filing history`, kuyambira latsopano pamwamba kutsika mpaka tsiku lomwe kampani idabadwa, ndipo pambali pa lililonse pali `View PDF`. Ine sindiwerenganso pepala lomwe munthu wandipatsa pamanja kapena pa foni, ndimakatsegula ndekha, chifukwa kusintha dzina pa PDF ndi ntchito ya mphindi ziwiri kwa mwana wa Fomu 2.

Ndatsegula `CS01` koma muli masamba awiri okha, mulibe dzina la munthu aliyense. Ndalakwitsa?

Simunalakwitse. Yang'anani mzere wake mu mndandanda uja, mwina walembedwa chonchi:

```
Confirmation statement made on 12 March 2024 with no updates
```

Mawu akuti `with no updates` akutanthauza kuti kampani yangonena kuti zonse zomwe muli nazo kale ndi zolondola, palibe chasintha. Ndiye pepalalo limakhala lopanda kanthu, dzina la kampani, nambala, deti, basi. Chochita n'kutsika m'munsi chaka ndi chaka mpaka mupeze lomaliza lolembedwa `with updates`, limenelo ndi lomwe limakhala ndi nyama, nthawi zambiri masheya ndi eni ake. Mukatsika osalipeza pitirirani mpaka pa `AR01` yomaliza yolembedwa `with full list of shareholders`, kapena kwa kampani yatsopano mpaka pa pepala loyambirira la `Incorporation`, pomwe pamakhala mayina a omwe adayambitsa ndi masheya omwe aliyense adatenga tsiku loyamba.

Fomu yakale ija kunena zoona inali yokoma kuwerenga, zonse zinali pamodzi, adiresi, madayirekitala mmodzimmodzi, masheya, eni ake. Yatsopanoyi imakukakamiza kusonkhanitsa wekha zidutswa, komano ubwino wake umazolowera kuwerenga mbiri yonse m'malo modalira pepala limodzi.

Nanga madayirekitala ndiwaona pati?

Pa `AR01` ali pansi pa mutu wakuti `Officers of the company`, aliyense ndi dzina, adiresi yolandirirapo makalata, dziko lomwe amakhala ndi dziko lomwe ndi nzika yake. Pa `CS01` simupeza zonsezi, mupite pa `People`, ndipo kumeneko ndiye kuli mndandanda wa lero, omwe alipo alembedwa `Active`, omwe adachoka `Resigned` ndi deti lake. Tsiku lobadwa amangoonetsa mwezi ndi chaka, koma zimenezo n'zokwanira kusiyanitsa a Banda awiri kapena a Phiri atatu, kungoti musafunse munthu mwachindunji kuti munabadwa liti, mupeze njira yake.

Kusintha kwa madayirekitala sikudikira kutha kwa chaka, lamulo limati kampani idziwitse pasanathe masiku 14. Ndiye mu `Filing history` mukaona `AP01` ndekuti wina walowa, `TM01` wina watuluka, `CH01` wina wasintha zinthu zake monga adiresi. Ine chomwe ndimayang'ana si dzina lokha koma kayendedwe kake. Kampani yomwe madayirekitala atatu atuluka mwezi umodzi n'kutsala mmodzi yemwe walowa sabata yathayi, pamenepo pali nkhani, kaya akangana kaya akuthawa ngongole kaya agulitsa, koma mufunse musanapereke kalikonse.

Chinanso chomwe anthu sachidziwa, dzina la dayirekitala mukalidina limakutengerani ku makampani ena onse omwe munthuyo alimo kapena adakhalamo. Ukapeza munthu ali ndi makampani asanu ndi limodzi, asanu alembedwa `Dissolved`, onse a bizinesi yofanana, lililonse lidakhala zaka ziwiri n'kufa, usachite kudikira kuti wina akumasulire. Kungoti nthawi zina munthu mmodzi amaoneka ngati anthu awiri chifukwa pena adalemba dzina lapakati pena ayi, nde ndi bwino kusakanso dzinalo palokha.

Adiresi ya dayirekitala yomwe yalembedwayo ndi kunyumba kwake?

Kawirikawiri ayi. Dayirekitala amapereka maadiresi awiri, yakunyumba yomwe imabisidwa kwa anthu wamba, ndi yolandirirapo makalata yomwe imaoneka pa `Correspondence address`. Ambiri amangoyika adiresi ya kampani kapena ya akauntanti wawo. Ena osadziwa amayika yakunyumba pa zonse ziwiri kenako n'kumadabwa kuti anthu angongole afika bwanji pakhomo.

Ngati munthu ndi dayirekitala ndekuti kampaniyo ndi yake eti?

Apa ndi pomwe alamu anga adatsala pang'ono kugwera m'mbuna. Dayirekitala ndi woyendetsa, mwini wake ndi amene ali ndi masheya. Zili ngati minibasi, dalaivala ndi amene mumamuona tsiku lililonse pa siteji akulamula kondakitala, koma akakuuzani kuti ndikugulitsani theka la minibasiyi mumayamba mwafunsa kuti bulubuku ili m'dzina la ndani. M'makampani ang'onoang'ono nthawi zambiri munthu yemweyo ndi dalaivala ndi mwini yemwe, n'chifukwa chake timasokoneza, koma si lamulo. Munthu atha kukhala dayirekitala opanda sheya ngakhale imodzi, ndipo wina atha kukhala ndi masheya onse dzina lake osaoneka pa madayirekitala.

Eni ake mumawapeza pawiri. Koyamba m'lipoti momwemo pa `Full details of Shareholders`, pomwe pamalembedwa chiwerengero cha masheya ndi dzina, opanda adiresi. Kachiwiri pa `People` pali kagawo kakuti `Persons with significant control`, komwe kadayamba mu 2016, kamaonetsa aliyense amene ali ndi masheya kapena mavoti opitirira 25 peresenti, kapena mphamvu zoika ndi kuchotsa madayirekitala ambiri. Sikapereka nambala yeniyeni, kamangoika munthu m'magulu atatu, kupitirira 25 mpaka 50, kupitirira 50 koma osafika 75, ndi 75 kupita m'mwamba. Munthu wa 25 peresenti ndendende kapena kucheperapo saoneka pamenepo, ndiye kampani ya anthu anayi ogawana mofanana itha kuoneka ngati ilibe mwini, pomwe eni ake alipo.

Tsono gawo la masheya lija ndiliwerenga bwanji? Manambala ake andizunguza mutu.

Tiyeni titenge pepala la alamu lija. Pa mutu wakuti `Statement of Capital` panali zinthu ngati izi:

```
Class of shares          ORDINARY
Number allotted          100
Aggregate nominal value  100
Currency                 GBP
```

Mzere woyamba ndi mtundu wa masheya, `ORDINARY` ndi masheya wamba. Wachiwiri ndi kuchuluka kwa masheya omwe adaperekedwa kwa anthu, apa 100. Wachitatu ndi mtengo wa pa pepala wa masheya onsewo pamodzi, £100, ndiye mukagawa 100 ndi 100 mupeza kuti sheya imodzi ndi £1. M'munsi mwake munali eni awiri, bambo ogulitsa aja anali ndi 60, mnzawo yemwe adayamba naye bizinesi anali ndi 40. Bambowo ankati ndikupatsani masheya 20 mwa anga, ndipo 20 mwa 100 ndi 20 peresenti, masamu ake olondola ndithu, pa pepala la 2016.

Nditatsegula `Filing history` n'kuyamba kukwera kuchokera 2016 kubwera kuno, ndidapeza mu 2022 fomu ya `SH01`, yomwe imatumizidwa kampani ikatulutsa masheya atsopano ndipo imayenera kufika pasanathe mwezi umodzi. Adatulutsa masheya ena 900, onse pamodzi n'kukhala 1,000. Fomu imeneyi siinena kuti apita kwa ndani, ndiye ndidatsegula `CS01` yotsatira yolembedwa `with updates`, ndipo mmenemo mnzawo uja anali ndi 940, bambo athu akadali pa 60 pomwe paja. Pa `Persons with significant control` dzina lawo linali litalembedwa `Ceased` chaka chomwecho. Kutanthauza kuti iwowo eni ake anali ndi 6 peresenti yokha, ndipo masheya 20 omwe ankagulitsa £3,000 anali 2 peresenti, osati 20. Udayirekitala anali nawobe, pamenepo sadaname. Kaya ankadziwa kaya iwonso adangosayina mapepala a mnzawo osawerenga, ine si woweruza, koma alamu atawafunsa za `SH01` ija foni idayamba kuvuta netiweki.

Ndipo ngakhale zikanakhala kuti kampani ikutulutsa masheya atsopano kuti ipatse alamu, masamu ake ndi ena. Pa masheya 1,000 omwe alipo, kuti munthu watsopano akhale ndi 20 peresenti pafunika atsopano 250 osati 200, chifukwa onse pamodzi akhala 1,250 ndipo 250 ndiye gawo limodzi mwa magawo asanu. Nthawi zonse gawani masheya anu ndi chiwerengero chomwe chidzakhalepo inu mutalowa kale.

Kampani ya masheya a £100 kapena £1 ndekuti ndi yosauka, kapena yabodza?

Ayi ndithu. Nambala imeneyo si ndalama zomwe zili ku banki ndipo si mtengo wa kampani. Makampani ambirimbiri abwinobwino adayamba ndi sheya imodzi ya £1 ndipo ali choncho mpaka lero uku akupanga ndalama zankhaninkhani, chifukwa kampani wamba yothera ndi `Ltd` lamulo silinaike malire apansi. Malire alipo kwa ma `plc` okha, makampani ololedwa kugulitsa masheya kwa anthu onse, £50,000. Chomwe nambalayo ikukuuzani n'chakuti zinthu zikavuta eni ake udindo wawo umathera pa mtengo wa masheya awo, akalipira £100 ija basi athana nazo, inu amene munabwereketsa £5,000 mukalimbane ndi katundu wa kampani ngati alipo, nyumba ya mwini simuikhudza pokhapokha adasayina yekha kuti akuikira kumbuyo ngongoleyo.

Choopsa kwenikweni ndi mbali inayo, kampani yoonetsa masheya a £1,000,000 kuti anthu agome. Pamenepo thamangirani mzere wakuti `Total aggregate amount unpaid`, womwe umanena kuchuluka kwa ndalama za masheya zomwe eni ake sanalipirebe. Mukapeza 1000000 pomweponso ndekuti palibe olo tambala yomwe idalowa, munthu adangolemba nambala yayikulu pa fomu. Ngakhale palembedwe 0 ndi mawu a kampani yomweyo, palibe amene adapita ku banki kukaona, ndiye mutsegule maakaunti muone ngati chuma chake chikufanana ndi miliyoni imeneyo. Kampani ya miliyoni yomwe maakaunti ake alembedwa `Accounts for a dormant company`, kutanthauza kuti siinachite malonda chaka chonse, imeneyo ingoyisiyani.

Pa mapepala akale kwambiri, a 2009 isanafike, muthanso kuona nambala ina yayikulu ya masheya omwe kampani inkaloledwa kutulutsa. Imeneyo idali denga chabe, lamulo la makampani la 2006 lidachotsa kufunika kwake kuyambira pa 1 Okutobala 2009. Inu werengani omwe adaperekedwa.

Ndaona `A ORDINARY` ndi `B ORDINARY`, kusiyana kwake n'chani?

Zilembozo pazokha sizitanthauza kanthu, tanthauzo lili m'kandime kotopetsa kaja kolembedwa `Prescribed particulars` pansi pa mtundu uliwonse, komwe aliyense amakadumpha. Kamanena ngati masheyawo ali ndi voti, ngati amalandira gawo la phindu, ndi zomwe amapeza kampani ikatsekedwa. Mutha kugula masheya ambiri a mtundu B n'kumadzitcha bwana, kenako n'kupeza kuti B alibe voti ndipo phindu lake amagawa madayirekitala akafuna. Werengani kandimeko mawu ndi mawu, ndipo kakakutumizani ku malamulo a kampani pitani mukawatsegule, nawonso amakhala mu `Filing history` momwemo.

Mukapeza kuti gawo la masheya kulibiretu, onani pa `Company type`, mwina ndi kampani ya `limited by guarantee`, mtundu womwe mipingo, mabungwe achifundo ndi magulu a anthu a kumudzi kumodzi amakonda. Imeneyo ilibe masheya, ndiye wina akamakugulitsani sheya ya kampani yotero akukugulitsani mphepo.

Ndidagula masheya miyezi inayi yapitayo koma dzina langa silikuoneka. Andibera?

Mwina ayi. Kugulitsana masheya omwe alipo kale sikutumizidwa ku Companies House nthawi yomweyo, kumadikira `CS01` yotsatira, ndiye dzina lanu litha kutha pafupifupi chaka lisanaoneke, pokhapokha ngati mwapitirira 25 peresenti ija, apo ndiye liyenera kutuluka m'masabata ochepa. Umboni weniweni wa umwini ndi buku la mamembala lomwe kampani imasunga yokha, dzina lanu likalowa mmenemo ndiye kuti ndinu mwini. Pogula pamakhala fomu yosinthira masheya yomwe ambiri amaidziwa kuti `J30`, wogulitsa amasayina, ndipo mtengo ukapitirira £1,000 pali msonkho wa 0.5 peresenti, pa £3,000 ya alamu ikanakhala £15. Kampani imayenera kukonza satifiketi ya masheya pasanathe miyezi iwiri ilandire fomuyo. Ngati mulibe fomu, mulibe satifiketi, munangotumiza ndalama ku akaunti ya munthu n'kugwirana chanza, apo vuto si la lipoti ayi. Dziwaninso kuti m'makampani ambiri ang'onoang'ono madayirekitala ali ndi mphamvu yokana kulemba wogula watsopano m'bukumo, nde yambani mwamva kuti enawo akuvomera.

Palibe choletsa kampani kutumiza `CS01` msanga chaka chisanathe, ndiye mutha kupangana kuti akangolandira ndalama atumize ina kuti dzina lanu lioneke.

Adiresi yolembetsa ija ndi komwe kampani imagwirira ntchito?

Osati nthawi zonse. `Registered office address` ndi komwe makalata a boma ndi masamoni a khoti amapita, ndipo kalata ikafika pamenepo lamulo limatenga kuti kampani yalandira. Itha kukhala shopu yeniyeni, itha kukhala ofesi ya akauntanti, itha kukhala nyumba ya mwini, ithanso kukhala adiresi yochita kubwereka pa mtengo wochepa pa chaka pakatikati pa London pomwe makampani masauzande alembetsa chitseko chimodzi. Zonsezi n'zololedwa. Ndiye mukaona adiresi yapamwamba musagome, ilembeni mu bokosi losakira lomwe lija muone kuti pali makampani angati, kenako muyiyang'ane pa mapu. Ya kampani ya madiramu ija inali ya akauntanti pamwamba pa shopu yometera, pomwe yadi yeniyeni yosungira katundu inali tawuni ina, ndipo zimenezo pazokha sizinali zolakwika, kungoti munthu uyenera kudziwa zonse ziwiri, kokatenga katundu wako ndi kotumiza kalata ya loya.

Adiresiyi imayenera kukhala m'chigawo chomwe kampani idalembetsedwa, ya ku Scotland siingaike adiresi ya ku Manchester. Kuyambira pa 4 Malichi 2024 `PO Box` payokha siiloledwanso, pafunika malo omwe kalata ingafike m'manja mwa munthu woimira kampani. Akasintha adiresi amatumiza `AD01`, ndiye ngati mukulemba kalata yofuna ndalama zanu tengani adiresi pa `Overview` tsiku lomwelo, osati pa lipoti la chaka chatha. Ma `AD01` anayi m'chaka chimodzi ine amandidetsa nkhawa kuposa adiresi yobwereka. Ndipo mukaona adiresi yasanduka `Companies House Default Address` ya ku Cardiff, ndekuti adiresi yomwe kampani idapereka idachotsedwa, kawirikawiri chifukwa mwini nyumba adadandaula kuti anthuwa sindikuwadziwa. Pamenepo ndalama zanu zikhale m'thumba.

Pa `Overview` palembedwa zofiira kuti `Confirmation statement overdue`. N'zoopsa?

Lipotili limayenera kutumizidwa kamodzi pa miyezi 12 iliyonse, ndipo nthawi ikakwana kampani ili ndi masiku 14, pomwe fomu yakale ija inkapatsa masiku 28. Kuchedwa sabata imodzi kapena ziwiri kumachitika, akauntanti wayiwala kaya dayirekitala ali ku maliro kumudzi. Koma ndi mlandu, ndipo zikapitirira Companies House imayamba kufufuta kampaniyo. Muona mzere wakuti `First Gazette notice for compulsory strike-off`, ndipo pakatha miyezi iwiri popanda wotsutsa kampani itha kufufutidwa, ndalama zotsala ku akaunti yake ndi katundu wake n'kupita m'manja mwa boma. Tangoganizani galimoto yanu ili pa yadi ya kampani yotero. Ngati kampani ili nanu ngongole mutha kutsutsa kufufutako polembera Companies House ndi umboni, ndipo ndi bwino kutero msanga chifukwa kuidzutsa itafa kale ndi ntchito ya makhoti ndi ndalama zina.

Pali makampani ena mbiri yawo ili ngati nyimbo, chaka chilichonse chenjezo la kufufutidwa, kenako `Compulsory strike-off action has been discontinued`, chaka chamawa chimodzimodzi. Si akuba kwenikweni, koma ngati akulephera kafomu ka mphindi khumi mudzifunse kuti mapepala a kontena yanu pa doko adzawayendetsa bwanji.

Popeza zili pa tsamba la boma ndekuti n'zoona zonse?

Companies House imalemba yokha pa tsamba lake kuti siitsimikizira kulondola kwa zomwe zatumizidwa. Kwa zaka zambiri inkangolandira mafomu n'kusunga, anthu mpaka ankalembetsa makampani pa adiresi za eni ake osadziwa. Lamulo la 2023 lolimbana ndi umbava wa zachuma lidaipatsa mphamvu zofunsa ndi kuchotsa zabodza, ndipo kuyambira pa 18 Novembala 2025 madayirekitala adayamba kukakamizidwa kutsimikizira kuti iwo ndi ndani. Zimenezo zikuthandiza pa mayina abodza, koma manambala a masheya akadali mawu a kampani.

Komanso kulembetsa kampani si laisensi ya chilichonse. Pa lipoti pali `SIC code`, nambala ya mtundu wa bizinesi, koma kampani imadzisankhira yokha. Kuona 88100, ya ntchito zosamalira okalamba ndi olumala m'makomo mwawo, sikutanthauza kuti kampaniyo ili m'kaundula wa CQC, bungwe loyang'anira ntchito zosamalira anthu ku England, kapena kuti ili ndi chilolezo cha Home Office cholemba anthu ochokera kunja. Zimenezo zili ndi mindandanda yakeyake, mukayang'ane kumeneko padera.

Nanga kampani ikakhala ya kumudzi, ku Zambia kapena ku Joni?

Lipoti la pachaka liliko konseko, ku Malawi pansi pa lamulo la makampani la 2013, ku Zambia limapita ku PACRA, ku South Africa ku CIPC. Mafomu ndi masiku ake ndi osiyana ndi a ku UK ndiye musatenge manambala a m'mwambamu kupita nawo kumeneko, koma mafunso ofunsa pepalalo ndi omwewa, deti lake ndi liti, chasintha n'chani kuchokera tsiku limenelo, masheya onse pamodzi ndi angati ndipo amene akulankhula nanuyo ali ndi angati. Chomwe ndimaona kawirikawiri ndi kampani ya ku UK yokhala ndi inzake ya dzina lofanana ku Lilongwe kapena ku Blantyre yomwe imalandira katundu. Amenewo ndi makampani awiri osiyana pa lamulo, eni ake athanso kukhala osiyana, sheya ya ku Leeds siikupatsani kalikonse pa malole omwe ali ku Kanengo pokhapokha kampani ya ku UK ndiyo ili ndi masheya mu inzakeyo, ndipo zimenezo mukazipeza m'mapepala a kumudziko osati a Companies House.